Mafunso ndi mayankho: bajeti ndi nthawi yopangira kanema wa makatuni wa mphindi zitatu muli nokha

Mayankho ali m'munsimu ndi othandiza munthu amene achite yekha pafupifupi chilichonse: kulemba nkhani, kujambula, kuyendetsa zithunzi, kuika mawu ndi kutulutsa kanemayo. Ziwerengero za maola zomwe tagwiritsa ntchito ndi za chitsanzo chimodzi chomwe tachiwerengera kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Inu muikemo ziwerengero zanu, koma kawerengedwe kake musakasinthe.

Kodi kanema wa mphindi zitatu amatenga nthawi yaitali bwanji?

Zimatengera kajambulidwe komwe mwasankha, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kwambiri moti yankho limodzi silingakwanire onse. Tiyambire pa masamu omwe sasintha. Mphindi zitatu ndi masekondi 180. Makanema ambiri a makatuni amayenda pa mafulemu 24 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 24 zooneka motsatizana, ndiye kuti kanema wanu ali ndi mafulemu 4,320.

Si fulemu iliyonse yomwe imafuna chojambula chakechake. Ojambula pamanja ambiri amalola chojambula chimodzi kukhala mafulemu awiri, zomwe zimatsitsa ntchito kufika pa zojambula 2,160. Chikamakhala mafulemu atatu, zojambulazo zimatsika kufika pa 1,440, ngakhale kuti mayendedwe ofulumira amayamba kuoneka odumphadumpha. Tsopano tinene kuti chojambula chimodzi chimakutengerani mphindi 20 mukaphatikiza kujambula koyamba, kuyeretsa mizere ndi kupaka mitundu. Zojambula 2,160 zikhala maola 720, ndipo apo simunawerengere nkhani, malo akumbuyo, mawu kapena nyimbo.

N'chifukwa chake anthu ambiri ogwira okha sajambula thupi lonse mobwerezabwereza. Ena amapanga chidole chodulidwa ziwalo, mutu, mikono ndi miyendo payokha, n'kumachisuntha pa kompyuta. Ena amajambula thupi kamodzi n'kumasintha pakamwa, maso ndi dzanja lokha. Njira zimenezi zimatha kudula maolawo ndi theka kapena kuposa. Choncho musanafunse za miyezi, yambani mwasankha kuti pa sekondi iliyonse n'chiyani chimene chizisunthadi.

Ndingadziwe bwanji liwiro langa ngati sindinapangepo kanema wotere?

Pangani shoti imodzi yoyesera mpaka ithe, mukuwerenga nthawi. Shoti ndi kachigawo ka kanema kuchokera pomwe chithunzi chadulidwa kufika pomwe chadulidwanso. Sankhani ya masekondi anayi kapena asanu yomwe si yophweka kwambiri komanso si yovuta kwambiri, monga munthu akuyankhula uku akunyamula chinthu patebulo. Ichiteni yonse: malo akumbuyo, mayendedwe, kuyeretsa mizere, mitundu, mithunzi ngati mudzaikamo, mpaka ituluke ngati kanema woonereka. Lembani nthawi ya gawo lililonse payokha.

Anthu ambiri amalakwitsa poyeza kujambula koyamba kokha, chifukwa ndi komwe kumasangalatsa ndipo kumayenda msanga. Pa makatuni ojambula pamanja, kuyeretsa mizere ndi kupaka mitundu kumatha kudya nthawi yofanana ndi ya kujambula koyambako, mwinanso yoposa. Mukasiya magawo amenewa kunja kwa mayeso, ndandanda yanu yonse ikhala yaifupi ndi theka, ndipo mudzazindikira zimenezi mutalonjeza kale tsiku.

Musayeze ndi shoti yomwe mwaikonda kwambiri. Pa shoti yotere munthu amagwira mwachangu ndi mtima wonse, pomwe shoti ya nambala 27 mudzaigwira mutatopa.

Ndilembe ndandanda ya nthawi ndisanayambe chilichonse, kapena pakati?

Mulembe kawiri. Yoyamba ndi yongoyerekeza, yokuthandizani kuona ngati ntchitoyi ndi ya miyezi itatu kapena chaka. Yachiwiri, yomwe mungalonjeze nayo munthu wina, muilembe mutamaliza animatiki.

Sitolibodi ndi zithunzi zosavuta zoonetsa nkhani shoti ndi shoti. Animatiki ndi zithunzi za sitolibodi zoikidwa motsatana pa pulogalamu yolumikizira makanema, chilichonse chikukhala nthawi yomwe shotiyo idzakhale, pamodzi ndi mawu ojambulidwa kale. Ndi kanema wanu yense asanayambe kusuntha. Pa animatiki m'pamene mumadziwa zoona zake: mashoti alipo angati, iliyonse ndi yaitali bwanji, muli anthu angati, ndipo malo akumbuyo ofunika kujambula ndi angati. Popanda zimenezi mukungoombeza.

Animatiki ndi malonso otsika mtengo osinthirapo nkhani. Kuchotsa shoti pa animatiki kumakutayitsani mphindi zochepa zomwe munajambulira chithunzi chake. Kuchotsa shoti yomweyo itamalizidwa kumataya tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Mawu nawonso ajambulidwe nthawi imeneyi, animeshoni, yomwe ndi ntchito yoyendetsa zithunzi, isanayambe, chifukwa pakamwa ndi manja zimatsatira mawu. Mukasintha woyankhula pambuyo pake, kutalika kwa ziganizo kumasintha, ndipo milomo yonse yomwe munagwirizanitsa imaphonya. Ngati woyankhula weniweni sanapezeke, jambulani mawu anu ongogwirizira kuti animatiki iyende, koma musayambe mashoti oyankhula mpaka mawu enieni afike.

Tapatseniko chitsanzo chenicheni cha kawerengedwe ka maola.

Tiyerekeze kanema wa zithunzi zafulati, wa anthu awiri, momwe thupi limajambulidwa kamodzi ndipo ziwalo zofunika zokha ndi zomwe zimasuntha. Animatiki yaonetsa mashoti 40, iliyonse pafupifupi masekondi anayi ndi theka, ndi malo akumbuyo 12.

Ntchito yokonzekera yatenga maola 70: kulemba ndi kukonzanso nkhani maola 8, kupanga maonekedwe a anthu ndi mitundu maola 20, sitolibodi maola 20, kujambula mawu ndi kuwayeretsa maola 6, animatiki maola 16. Malo akumbuyo 12 pa maola 4 alionse ndi maola 48.

Pa animeshoni penipeni, musachulukitse mashoti onse ndi chiwerengero chimodzi. Agaweni m'magulu atatu. Ophweka ndi omwe munthu waima, akuphethira kapena kutembenuza mutu pang'ono, kapena kamera ikungoyenda pa chithunzi. Apakati ndi oyankhula ndi kusuntha manja. Ovuta ndi oyenda, othamanga, otembenuka thupi lonse, anthu awiri ogwirana, kapena okhala ndi madzi, moto ndi utsi. M'chitsanzo chathu ophweka alipo 18 pa maola 3, apakati 16 pa maola 8, ovuta 6 pa maola 20.

```
18 x 3  =  54
16 x 8  = 128
 6 x 20 = 120
54 + 128 + 120 = 302
```

Taonani kuti mashoti asanu ndi imodzi ovutawo akudya maola pafupifupi ofanana ndi mashoti 16 apakati. Apa m'pamene bajeti ya kanema imapulumukira kapena kufera.

Kenako pali kuphatikiza anthu ndi malo akumbuyo, kuika mithunzi, kuwala ndi kayendedwe ka kamera, ola limodzi pa shoti, maola 40. Kuika nyimbo, phokoso la mapazi, zitseko ndi zina, komanso kulinganiza kukwera kwa mawu, maola 20. Kutulutsa kanema, kuonera ndi kukonza zolakwika zomwe zimaoneka pomaliza, maola 10. Zonse pamodzi ndi maola 490. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi a maolawa ngati nthawi yapadera ya zosayembekezereka, ndipo mufika pa maola pafupifupi 612.

Maola amenewa ndiwasandutsa bwanji masiku a pa kalendala?

Agaweni ndi maola omwe mumagwiradi pa sabata, osati omwe mumalakalaka. Munthu amene ali ndi ntchito ina, n'kumagwira maola awiri madzulo masiku asanu ndi maola asanu kumapeto kwa sabata, ali ndi maola 15. Maola 612 kugawa ndi 15 ndi masabata pafupifupi 41, kutanthauza miyezi isanu ndi inayi ndi theka. Mwa amenewa, kukonzekera kutenga masabata asanu, malo akumbuyo atatu, animeshoni 20, kuphatikiza atatu, mawu ndi kutulutsa awiri, ndipo asanu ndi atatu otsalawo ndi apadera.

Amene akugwira ntchitoyi tsiku lonse asawerengere maola asanu ndi atatu patsiku. Kujambula mosamala kumatopetsa maso, dzanja ndi msana, ndipo tsiku lili ndi zina monga kuyankha makalata, kusunga mafayilo ndi kudikira kompyuta. Maola asanu kapena asanu ndi limodzi enieni patsiku, omwe ndi pafupifupi 30 pa sabata, ndi chiwerengero chomwe munthu angachipirire miyezi ingapo. Pa liwiro limeneli kanema wathu atenga masabata 20 kapena 21.

Muchotseretu pa kalendala masabata omwe mukudziwa kuti simudzagwira, monga a tchuthi, maulendo kapena mayeso. Amenewa si mbali ya nthawi yapadera ija, chifukwa ndi odziwika kale.

Nthawi yapaderayo ndi yofunikadi? Sindingangolimbikira?

Ndi yofunika, ndipo ngati aka n'koyamba kugwiritsa ntchito pulogalamu kapena kajambulidwe kameneka, ikwezeni ifike theka la maola onse. Imathera pa zinthu zomwe simungazilembe pa ndandanda chifukwa simukudziwa kuti zigwera pati: shoti yomwe yakana kuoneka bwino mpaka kuibwereza, fayilo yoonongeka, chidole chomwe chigongono chake chikupindika moipa, matenda a sabata imodzi. Pa gulu la anthu, wina akadwala ena amapitiriza. Mukakhala nokha, tsiku lomwe mwagona ntchito yonse yaima.

Nthawiyi muiike kumapeto ngati chinthu chimodzi, osaimwaza pa shoti iliyonse. Mukaimwaza imatha osadziwa, chifukwa shoti ya maola 8 yomwe mwaipatsa maola 10 idzatengadi maola 10.

Nthawi yomwe ndili nayo ndi yochepa kuposa yomwe masamu akunena. Ndidule chiyani?

Yambani ndi mashoti ovuta. Dzifunseni ngati nkhani ikufunadi kuti tione munthu akuyenda thupi lonse kuchokera pakhomo kufika pampando. Nthawi zambiri mukhoza kumuonetsa kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, miyendo osaoneka, kapena kudula kuchokera pa chitseko chotseguka kupita pa iye atakhala kale, phokoso la mapazi likumveka pakati. M'chitsanzo chathu, kusandutsa mashoti atatu ovuta kukhala apakati kumapulumutsa maola 36, ndipo oonera ambiri sazindikira kuti pali chomwe chachotsedwa.

Chachiwiri ndi malo akumbuyo. Jambulani malo amodzi aakulu kuposa fulemu, kuti muzitengapo mbali zosiyana pa mashoti osiyana. Kuchoka pa 12 kufika pa 8 ndi maola 16. Chachitatu ndi maonekedwe a anthu: malaya a mizeremizere, mabatani ambiri ndi tsitsi la tinthambi tambiri ziyenera kujambulidwanso pa chojambula chilichonse, choncho zipeputseni musanayambe. Mithunzi ya pathupi nayonso ndi ntchito yowonjezera pa fulemu iliyonse yosuntha, ndipo makanema ambiri abwino alibe.

Zikakanikabe, fupikitsani kanemayo. Kuchotsa masekondi 30 ndi kuchotsa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a animeshoni ndi kuphatikiza, maola pafupifupi 57. Ife timaona kuti kanema wa mphindi ziwiri ndi theka womalizidwa bwino amaposa wa mphindi zitatu yemwe mathero ake anathamangiridwa. Chomwe simuyenera kudula ndi animatiki ndi nthawi ya mawu. Oonera amakhululukira zithunzi zosavuta, koma mawu osamveka bwino amawathawitsa msanga.

Kodi makatuni a 3D safulumira, poti kompyuta imadzaza yokha mafulemu apakati?

Ntchito siichepa, imangosamukira kwina. Musanasunthe chilichonse muyenera kuumba munthu, kumuveka khungu ndi zovala, kumuika mafupa omusunthira, kumanga malo ndi kuika magetsi. Pa kanema mmodzi wa mphindi zitatu, ntchito yoyambirira imeneyi imatha kumeza phindu lonse. Imabweza ngati mudzagwiritsanso ntchito anthu omwewo m'makanema ena.

Palinso nthawi ya kurenda, pomwe kompyuta imawerengera fulemu iliyonse. Yesani fulemu imodzi ya shoti yolemera kwambiri, kenako chulukitsani. Ikatenga mphindi ziwiri, mafulemu 4,320 atenga maola 144, masiku asanu ndi limodzi usana ndi usiku, ndipo mashoti ena mudzawarendanso mukapeza zolakwika. Mu pulogalamu ya 3D ya Blender, njira yorendera ya Cycles imapereka kuwala kooneka kwenikweni koma imachedwa, pomwe ya EEVEE imafulumira kwambiri. Fulemu ikatsika kufika pa masekondi 10, kanema yense atha m'maola 12. Sankhani zimenezi koyambirira, chifukwa maonekedwe amasiyana. Rendani shoti iliyonse usiku ikangotha, osadikira kumapeto, ndipo tulutsani ngati zithunzi za PNG zotsatizana, osati fayilo imodzi ya kanema. Kompyuta ikazima pakati, mupitiriza pa fulemu yomwe inalekezera.

Ndalama zenizeni zotuluka m'thumba zimapita kuti?

Mapulogalamu safunika kukhala mbali yaikulu. Blender, Krita, OpenToonz ndi Pencil2D ndi aulere, Audacity ya mawu ndi yaulere, ndipo polumikiza makanema pali Kdenlive komanso DaVinci Resolve yomwe ili ndi mtundu waulere. Mukasankha pulogalamu yolipira mwezi ndi mwezi, chulukitsani mtengowo ndi miyezi ya ndandanda yonse pamodzi ndi nthawi yapadera. M'chitsanzo chathu ndi miyezi 10, ndipo mwezi uliwonse womwe mwachedwa ndi ndalama ina.

Pa zipangizo, chofunika ndi tabuleti yojambulira, kompyuta yotha kunyamula pulogalamu yanu, mahedifoni abwino ndi hadi diski yapadera yosungirako makope. Musagule kompyuta yatsopano musanapange shoti yoyesera ija, chifukwa ndi yomwe ikuuzeni ngati yomwe muli nayo ikukwanira. Chipangizo chomwe chidzakutumikireni pa makanema asanu, ikani gawo limodzi mwa asanu la mtengo wake pa bajeti ya kanema uyu.

Ndalama zomwe anthu amaiwala kawirikawiri ndi za mawu ndi zilolezo. Oyankhula ayenera kulipidwa, ndipo mugwirizane nawo kuti mtengowo ukuphatikiza kubwereza ziganizo zingapo tsiku lina. Nyimbo imafuna laisensi yolola malo omwe kanemayo adzaonetsedwe, popeza chilolezo choika pa intaneti nthawi zina sichikhudza wailesi yakanema kapena malonda. Mafonti ndi phokoso lotsitsidwa pa intaneti nazonso zili ndi malamulo ake, ndipo zambiri zaulere zimaletsa ntchito yopezerapo ndalama. Ngati mukufuna kutumiza kanemayo ku zikondwerero za mafilimu, zambiri zimalipiritsa polowa. Pa ndalama zonsezi onjezeraninso zapadera, pakati pa 10 ndi 20 peresenti.

Ngati pali ntchito imodzi yoti mulipire munthu wina, ganizirani za kulinganiza mawu pomaliza kapena kupaka mitundu. Zonsezi n'zosavuta kupatsa wina popanda kusintha maonekedwe a kanema wanu.

Nthawi yanga ndiiwerengere mu bajeti?

Ngati kanemayo ndi wa kasitomala, inde, ndipo ndi mzere waukulu kuposa yonse. Mtengo ndi maola onse kuchulukitsa ndi mtengo wa ola lanu, kuphatikiza ndalama zotuluka m'thumba. Gwiritsani ntchito maola 612, osati 490. Mukalipiritsa a 490 koma n'kugwira 612, ola lanu latsika mtengo ndi gawo limodzi mwa asanu. Samalaninso ndi kutchula mtengo pa mphindi ya kanema musanaone nkhani yake, chifukwa mphindi ya munthu mmodzi woyankhula ndi mphindi ya anthu asanu ovina si ntchito yofanana.

Ngati ndi wanu, lembanibe maolawo. Adzakuthandizani kuwerengera bwino kanema wotsatira.

Kasitomala akamasintha maganizo pakati, ndichite bwanji?

Mukonzeretu m'pangano lolembedwa. Ikani malo anayi ovomerezera: nkhani, maonekedwe a anthu, animatiki, ndi kanema womaliza. Pa malo alionse lolani kukonza kawiri. Lembani momveka kuti chomwe chavomerezedwa chikasinthidwa pambuyo pake, chimalipidwa pa ola ndipo tsiku lomalizira limasuntha. Malipiro agawidwe, ena poyamba, ena animatiki ikavomerezedwa, otsala popereka kanema.

Nthawi yodikira yankho muilembenso pa kalendala. Malo anayi, alionse kudikira sabata, ndi mwezi wathunthu womwe mulibe m'maola 612 aja. Gwirizanani masiku oyankhira, ndipo pemphani kuti ndemanga zonse zizibwera pamodzi kuchokera kwa munthu mmodzi.

Ndizindikira bwanji msanga kuti ndatsalira?

Sungani tebulo la mashoti onse 40, lokhala ndi nambala ya shoti, gulu lake, maola omwe munayerekeza, maola omwe mwagwiradi, ndi pomwe yafika. Werengani mashoti omalizidwa okha. Shoti yomwe "yatsala pang'ono" iwerengedwe ngati yosatha, chifukwa pang'ono pameneno m'pomwe pamabisala maola.

Sabata iliyonse gawani maola omwe mwagwira ndi omwe munayerekeza. Tinene kuti mwamaliza mashoti apakati asanu ndi atatu. Munayerekeza maola 64 koma mwagwira 88, kutanthauza kuti ola lililonse la pa ndandanda likukutengerani maola pafupifupi 1.4. Zikapitirira chonchi, animeshoni ya maola 302 ifika pa 415, ndipo maola 113 owonjezerawo adya pafupifupi nthawi yapadera yonse musanafike pa kuphatikiza ndi mawu. Imeneyi ndi nthawi yobwerera ku animatiki kukapeputsa mashoti otsala, kapena youza kasitomala tsiku latsopano, pomwe mwatsala ndi miyezi yokonzera zinthu. Mashoti awiri kapena atatu oyamba amachedwa mwachibadwa chifukwa dzanja likuzolowera, koma chiwerengerocho chikapanda kutsika pofika shoti yachisanu ndi chitatu, ndiye kuti limenelo ndi liwiro lanu lenileni.

Mashoti ndiwapange motsatana kuyambira woyamba?

Ayi. Yambani ndi apakati angapo a mkatikati mwa kanema kuti muzolowere anthu anu, chifukwa zojambula zoyamba zimasiyana ndi za pambuyo, ndipo simukufuna kuti zofookazo zikhale pa masekondi otsegulira. Mukazolowera, gwirani ovuta mphamvu zikadalipo komanso nthawi yapadera isanakhudzidwe. Ophweka asiyeni kumapeto, popeza ndi omwe mungawapepuse kwambiri nthawi ikathina. Mashoti a malo amodzi apangeni motsatana kuti mitundu ndi kukula kwa anthu zisasiyane, ndipo shoti iliyonse ikatha ilowetseni mu animatiki m'malo mwa chithunzi chake chakale, kenako koperani fayilo yake ku hadi diski yapadera tsiku lomwelo.